Mphaka, mphika ndi mphasa

## "Tinalemba kale"

Inali sabata ya 9 ya teremu yoyamba, m'mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo ndipo malata a kalasi akuthetheka ndi kutentha. Ndinkaphunzitsa Fomu 1 nthawi za aneni. Ndinalemba pa bolodi chiganizo chakuti "Mphasa yang'ambika", ndipo ndisanafike pa mneniyo ndinafunsa mongodutsa kuti dzina lakuti mphasa lili m'gulu liti la mayina.

Kalasi yonse zii.

Ndinabwereza funsolo. Mnyamata wina kumbuyo anati, "Mu-A, Madamu." Mnzake anamutsutsa kuti ndi Mu-Mi. Ena anayamba kufunafuna makope m'zikwama. Pa ana opitirira 80, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula I-Zi. Chonsecho anali ana omwewo amene anakhoza bwino kwambiri mayeso a magulu a mayina m'sabata yachitatu, ndipo malikisi awo anali m'buku langa, olembedwa ndi dzanja langa lomwe.

Kenaka mtsikana wina wa kutsogolo, mwana waulemu amene sankajomba kusukulu, anakweza dzanja. Ndinati tsopano yankho labwera. Iye anaimirira n'kunena kuti, "Madamu, zimenezo tinalemba kale."

Sananene mwachipongwe. Ankandikumbutsa ndi mtima wabwino, ngati mmene umakumbutsira wagolosale kuti ngongole ija unabweza kale. Mawu ake ndinapita nawo kunyumba, ndinagona nawo, ndipo mpaka lero sanandichoke, chifukwa mwanayo ananena ndendende mmene ine ndinkaphunzitsira. Mutu tinkauphunzira sabata imodzi, n'kulemba mayeso ake, n'kuutseka. Sindinkaugwiranso mpaka sabata ya kubwereza kumapeto kwa teremu. Ana anaphunzira kwa ine kuti chinthu chikalembedwa mayeso chatha ntchito, ndipo anachita monga momwe ndinawazoloweretsera.

## Nkhope ukuidziwa, dzina osatuluka

Sabata ya kubwereza ija ndinkaikhulupirira kwambiri. Ndinkadutsa mitu yonse mothamanga, ana akutsatira m'makope, akugwedeza mitu. Ndikafunsa kuti "Tili limodzi?" onse ankati "Eee!" ndipo sankanama. Akaona Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi zitalembedwa, ankazizindikiradi. Koma zili ngati kukumana ndi munthu pamsika, nkhope ukuidziwa bwinobwino, dzina osatuluka. Mayeso amafuna dzinalo, kope litatsekedwa.

Pofufuza chochita ndinapeza kuti nkhaniyi anthu anaiyesa kalekale. Mu 1885, Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anafalitsa zimene anapeza atadziyesa yekha poloweza maphatikizo opanda tanthauzo. Iye anaona kuti zambiri zimathawa m'maola ndi m'masiku oyambirira, kenaka kuiwalako kumayamba kuyenda pang'onopang'ono. Koma chimene chinandigwira mtima ndi kafukufuku wa Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke wa mu 2006, pa yunivesite ya Washington mumzinda wa St. Louis ku America. Anapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Gulu lina linaiwerenga m'magawo anayi. Gulu lina linaiwerenga m'gawo limodzi lokha, kenaka katatu konse linapatsidwa pepala loyera kuti lilembe zonse zimene likukumbuka. Atawayesa patangodutsa mphindi zisanu, owerenga mobwereza aja anapambana: anakumbuka mfundo 83 pa 100 zilizonse, anzawo 71. Atayesa patadutsa sabata, zinthu zinatembenuka. Owerenga mobwereza anatsala ndi 40, pamene okumbukira pa pepala loyera anasunga 61. Ndipo amene ankadzidalira kwambiri kuti adzakumbuka anali owerenga mobwerezawo.

Amenewo anali ophunzira a ku yunivesite, ndi nkhani ya ndime zochepa, osati ana a Fomu 1 okhala atatuatatu pa desiki. Komabe ndinaiona kalasi yanga m'menemo. Malikisi a sabata yachitatu aja anali mayeso a mphindi zisanu. Funso la mphasa linali mayeso a pambuyo pake.

## Teremu imene ndinayamba molakwika

Teremu yachiwiri ndinayamba kupereka mafunso khumi Lachisanu lililonse, ochokera m'mitu yakale. Ndinkatolera makope onse, kuchonga kunyumba, n'kulowetsa malikisi m'buku.

Masabata atatu okha anakwana kundionetsa kuti sizikuyenda. Kuchonga makope 80 kunkandidyera Loweruka lathunthu, ndipo ana ankalandira mayankho Lolemba kapena Lachiwiri, funso ataliiwala. Choipa kwambiri chinali chakuti malikisi anabweretsa mantha, manthawo anabweretsa kubera. Ndinapeza mwana atalemba magulu onse a mayina pa rula. Pa desiki imodzi mayankho ankafanana mpaka pa zolakwa zomwe. Mwana akaonera kwa mnzake ndiye kuti m'mutu mwake simunachitike kanthu, ndipo ine ndinkanyengeka kuti mutuwo akuudziwa. Pamwamba pa izo, Lachisanu ndi tsiku la msika kwathu kuno, ndiye ana ofooka, amene ndinkawafuna kwambiri, anapeza chifukwa chabwino chojombera.

Ndinasintha zinthu zitatu nthawi imodzi. Tsiku linakhala Lachitatu, kumayambiriro kwa phunziro. Aliyense anayamba kudzichongera yekha nthawi yomweyo. Ndipo ndinaima kutsogolo ndi buku la malikisi, n'kulitseka iwo akuona, n'kuwauza kuti za Lachitatu sizidzalowa m'bukuli, sizidzafika pa lipoti, ndipo palibe amene adzakwapulidwe kapena kupatsidwa chibalo chifukwa cholakwa. Ngakhale dzina lakuti mayeso ndinalisiya. Timangoti mafunso a Lachitatu.

Ana sanandikhulupirire msanga. Panapita masabata angapo asanasiye kuphimba makope ndi mikono. Chimene chinawatsimikizira ndi kuona kuti mwana wolakwa mafunso asanu ndi limodzi watuluka m'kalasi popanda chomuchitikira.

## Tsamba la kumapeto kwa sikimu

Chaka chotsatira, ndi Fomu 1 yatsopano, ndinakonza zonse teremu isanayambe. Ndinazindikira kuti ndikamasankha mafunso Lachiwiri usiku mongoganizira, ndimabwerera ku mitu imene ndimaikonda, monga zining'a ndi mikuluwiko, pamene ina siionekanso. Ndiye kumapeto kwa buku la sikimu ndinajambula mizere: masabata kutsika m'munsi, ndipo pa sabata iliyonse mabokosi anayi.

Mafunso ndi asanu ndi atatu. Awiri amachokera pa mutu wa sabata yatha. Awiri pa mutu umene tinaphunzira masabata atatu apitawo. Awiri pa mutu wa masabata asanu ndi limodzi apitawo. Awiri otsalawo ndimawasiya opanda kanthu mpaka nditaona chimene chavuta, chifukwa ndi malo a mafunso obwezedwa. Za sabata imene tili m'katiyo sindifunsa, popeza zikadali zotentha ndipo kuziyankha sikufuna khama.

Titenge magulu a mayina, amene ndimaphunzitsa m'sabata yachiwiri. Amabwera koyamba m'sabata yachitatu, kachiwiri m'sabata yachisanu, kachitatu m'sabata ya 8. Mpata ukukula: sabata imodzi, masabata awiri, kenaka atatu. Cholinga n'chakuti funso limupeze mwana atayamba kuiwala koma asanaiwaliretu. Likabwera msanga kwambiri yankho limangotuluka lokha. Likachedwa, monga linachedwera funso la mphasa lija, umapeza mulibe chotola, ndipo uyenera kuphunzitsa mwatsopano. Manambala a 1, 3 ndi 6 si lamulo la wina aliyense. Ndinawasankha chifukwa amakwana bwino mu teremu ya masabata pafupifupi 12 ophunzira, ndipo ndi osavuta kuwerengera pa pepala.

Dongosololi lili ndi mabowo awiri, kumayambiriro ndi kumapeto. M'masabata oyamba mulibe mutu wa masabata asanu ndi limodzi apitawo. Pamenepo ndimaika za ku Sitandade 8, monga mitundu ya mawu, ndipo zimandithandiza kudziwa zimene ana abwera nazo kuchokera ku sukulu zawo zosiyanasiyana. Kumapeto nako, mutu wa sabata ya 9 umabwera m'sabata ya 10 ndi ya 12, koma ulendo wachitatu umagwa teremu itatha. Umenewo ndimauwolotsera ku teremu yotsatira, kukadzaza mabokosi opanda kanthu a kumayambiriro aja. Ukapanda kutero, mitu yoyambirira imabwerezedwa katatu pamene yakumapeto imangoonekera kamodzi, mwina osaoneka n'komwe.

## Funso lomwelo silibwera kawiri

Pano ndi pamene ndinachedwa kwambiri kumvetsa. Poyamba, mutu ukabwerera ndinkabweza funso lomwe lija. Ndinafunsa za mphasa katatu, ndipo ulendo wachitatu pafupifupi kalasi yonse inalemba I-Zi. Ndinasangalala. Tsiku lina ndinasintha n'kufunsa za mphete. Theka la kalasi linagwa. Iwo analoweza kuti mphasa ndi I-Zi, ngati nambala ya foni, koma njira yopezera gululo sanaigwire.

Njirayo ndi imene ndimafuna kuti azikumbukira. Dzina uliike m'chochuluka, kenaka uliloze. Mphaka uyu, amphaka awa: Mu-A. Mphika uwu, miphika iyi: Mu-Mi. Mphasa iyi, mphasa izi: I-Zi. Mayina atatu oyamba ndi malembo ofanana, magulu atatu osiyana. Mwana amene amangoyang'ana lembo loyamba amawaponya onse m'dengu limodzi, ndipo ndi chifukwa chake m'kalasi muja munamveka Mu-A ndi Mu-Mi basi.

Tsopano mutu ukamabwerera funso limasintha maonekedwe, ndipo limalemerako pang'ono. M'sabata yachitatu ndimafunsa gulu la dzina lakuti mphika ndi lakuti galu. Galu ndimamuika dala, chifukwa alibe "mu" kutsogolo koma ali mu Mu-A, ndipo uliona pokhapokha utanena kuti agalu awa. M'sabata yachisanu ndimapereka mphaka ndi mphete. Pofika sabata ya 8 ndimatembenuza: "Lembani dzina loyamba ndi mph- la m'gulu la I-Zi, losakhala mphasa." Apo mwana ayenera kufufuza yekha m'mutu, kuyesa mphuno, mphepo, mphini, n'kuona limene likulola "izi".

Mafunso osankha pakati pa A, B, C ndi D sindiwagwiritsa ntchito Lachitatu. Yankho likakhala pa bolodi, tabwerera kwa munthu wa pamsika uja wongodziwika nkhope. Ndimafuna liwu limodzi kapena chiganizo chachifupi chochokera mwa mwanayo. Sindilembanso mitu pamwamba pa mafunso, ndipo ndimawasakaniza. Ukalemba kuti "Afotokozi" pamwamba, wamugwirira kale theka la ntchito, popeza chimene chimavuta pa mayeso a MANEB ndi kuzindikira kuti funso ili likufuna chiyani, popanda wokuuza.

## Lachitatu la sabata ya 8

Ndifotokoze tsiku limodzi mmene linayendera. Malinga ndi tsamba langa, sabata imeneyo inkafuna misintho ya aneni ya m'sabata ya 7, afotokozi a m'sabata yachisanu, ndi magulu a mayina a m'sabata yachiwiri. Malo awiri obwezedwa ndinawapereka kwa aonjezi, amene anavuta Lachitatu lapitalo.

Makina osindikizira tilibe, ndiye mafunso ndinawalemba usiku kumbuyo kwa kalendala yakale ndi cholembera chachikulu. Kulemba pa bolodi ana akudikira kumadya mphindi zisanu zaulere, ndipo oyamba kuwerenga amayamba kunong'onezana. Nditalowa ndinapachika pepalalo pa msomali. Makope a notsi analowa m'zikwama, aliyense anatsegula tsamba la kumbuyo kwa kope lolemberamo ntchito. Ndinawapatsa mphindi zisanu ndi imodzi, aliyense payekha, popanda kuyankhula.

Funso loyamba linali lija la mph-. Lachiwiri linati, "Mneni wa m'chiganizo chakuti 'Mbale yasweka' ali mu msintho uti?" Funso lachitatu linafuna mfotokozi m'chiganizo chakuti "Galimoto yofiira yathamanga kwambiri", ndipo lachisanu ndi chimodzi linafuna muonjezi m'chiganizo china chofanana nacho. Ndinawatalikitsa dala awiriwa kuti lina lisaulule linzake.

Pali lamulo limodzi limene ndimalimbikira. Ngati sukukumbuka, yesa kaye, ndipo zikakanika jambula kamzere pamalopo. Nthawi ikatha zolembera zimapita pansi, aliyense amatenga pensulo, ndipo timadutsa mayankho limodzi. Yankho lolakwika silifufutidwa. Lolondola limalembedwa pambali pake ndi pensulo. Sindimangotchula yankho ayi, ndimanena chifukwa chake m'chiganizo chimodzi, kapena ndimafunsa mwana kuti walipeza bwanji. Gawo limeneli silidumphidwa ngakhale nthawi itathina, chifukwa mwana amene wakumbukira cholakwika n'kuchoka osakonzedwa, walimbitsa cholakwikacho. Kuchonga kumatenga mphindi zina zisanu ndi imodzi. Zonse pamodzi 12, pa phunziro la mphindi 40.

## Makope khumi

Poyamba ndinkati "Amene mwakhoza lachiwiri kwezani manja", koma manja amanama. Mwana amayang'ana anzake kaye, n'kukweza. Masiku ano ndimatenga makope khumi okha, a mzere umodzi, ndipo mzerewo umasintha sabata iliyonse. Ndimawayang'ana pa nthawi yopuma. Sindiyang'ana kuti wapeza zingati. Ndimatsata funso limodzi m'makope onse khumi, n'kuona zimene zinalembedwa ndi cholembera pensulo isanafike.

Tsiku limenelo funso la mph- analikhoza asanu ndi atatu. Loterolo ndimalisiya. Funso la muonjezi analikhoza asanu, ndipo enawo ambiri anali timizere. Kamzere kamandiuza kuti mwana waiwala, ndipo mankhwala ake ndi kufunsanso, ndiye aonjezi anakhalabe m'mabokosi obwezedwa a sabata ya 9.

Funso la mbale linali losiyana. Makope asanu ndi awiri analemba yankho limodzimodzi, lakuti msintho wochitidwa poyera, ndipo analemba molimba mtima, popanda kufufuta. Ana asanu ndi awiri sangaiwale mofanana. Akalakwa mofanana ndiye kuti akukumbukira bwino lomwe chinthu chimene anachimva molakwika, ndipo gwero lake ndi phunziro langa la sabata ya 7. Ndinali nditathamangira pa msintho wochitidwa m'chibisira, ngati kuti ndi mchira chabe wa unzake uja. Kubweza funsolo kukanangowapatsa mwayi wolakwanso.

Mawa lake ndinatenga mphindi khumi. Ndinalemba "Mbale yaswedwa" ndi "Mbale yasweka", n'kuwauza kuti awonjezere mawu akuti "ndi mwana" pa chiganizo chilichonse, achitchule mokweza. "Mbale yaswedwa ndi mwana" chinatuluka bwinobwino. Pa "Mbale yasweka ndi mwana" ena anaseka, chifukwa khutu likukana. Mnyamata wina anati, "Madamu, 'yasweka' timanena tikafuna kuti amayi asadziwe waswa." Ndinamuuza kuti wanena chibisira chenichenicho: -edw- ndi -idw- amasiya malo a wochitayo, pamene -ek- ndi -ik- amamubisa. Msinthowo unabweranso m'sabata ya 10 monga mwa ndondomeko yake, utavala "Chingwe chaduka", ndipo m'makope khumi a mzere wina, ambiri anaupeza.

## Zimene mafunsowa sangachite

Mkulu wa dipatimenti yathu anandifunsa tsiku lina m'chipinda cha aphunzitsi kuti, "Madamu, silabasi mumaliza koma?" Funsolo linali loyenera. Tinawerengera limodzi: mphindi 12 kwa masabata khumi ndi mphindi 120, omwe ndi maphunziro atatu pa teremu. Sabata ya kubwereza imene ndinkataya kale inkadya oposa pamenepo, ndipo tsopano ndinaifupikitsa. Chimene chimadyadi nthawi ndi kuphunzitsanso zimene makope khumi aulula. Koma vuto limenelo linalipo kale, kungoti ndinkalipeza pochonga mayeso otsiriza, ana atapita kutchuthi.

Malikisi a pa lipoti akadalipo, ndipo amachokera ku mayeso a pakati pa teremu ndi otsiriza monga kale. Ziwirizi sindizisakaniza. Ndinayesedwapo kuti ndizipatsa mphoto wokhoza zonse, koma ndinaleka, poona kuti mphoto ingabweretse rula ija.

Mafunso a Lachitatu amagwira bwino pa malamulo a chiyankhulo, matanthauzo a zining'a, ndi zinthu zina zoyankhika mwachidule. Saphunzitsa mwana kulemba chimangirizo chogwira mtima kapena kufupikitsa nkhani. Zimenezo zimafuna kulemba kwenikweni ndi kuchonga kwenikweni. Sathandizanso mwana amene anajomba sabata imene mutu unkaphunzitsidwa, popeza munthu sakumbukira chimene sanamvepo. Ana oterowo ndimawazindikira ndi timizere totsatizana pa mutu umodzi, ulendo woyamba womwe, ndipo ndimawaitana padera. Pali ochepanso amene mpaka lero amadikira pensulo, osalemba kanthu ndi cholembera. Amenewo ndimakaima pafupi ndi desiki yawo m'mphindi zisanu ndi imodzi zija, n'kuwanong'oneza kuti alembe chilichonse chimene chabwera.

Mtsikana uja wa "tinalemba kale" ndinakumana nayenso ali Fomu 2, pamene ndinkagwirizira kalasi ya mnzanga amene anali pa tchuthi cha uchembere. Lachitatu loyamba ndinapachika kalendala yanga, ndipo funso lachinayi linali la gulu la dzina lakuti mphini. Ndinamuona milomo ikuyenda, akudzinong'oneza kuti "mphini iyi, mphini izi", kenaka anawerama n'kulemba.